Imelo ya mlembi wa ku Mlolo: chokonza choyamba ndi nthawi

Chichokereni mu 2022, pamene boma la Zambia linakweza thumba la CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera lililonse la phungu, alembi a makopaletivi ndi makalabu a amayi ali pa kalikiliki. Fomu yopemphera ndalamazi imadutsa ku komiti ya chitukuko ya wadi, koma zinthu zikachedwa pamafunika kufunsa ku khonsolo, ndipo munthu wa kwa Mlolo amawerengera kaye ndalama ya ulendo wa ku boma la Chadiza. Imelo ya pafoni ndi yotsika mtengo. Vuto lake n'lakuti imafuna Chingerezi, ndipo ikangopita mwini wake sakhalapo kuti anene kuti "ayi, ndimatanthauza chakuti".

Ine ndimaona kuti zolakwa za m'maimelo athu sizifanana kulemera. Zina zimangoonetsa kuti wolemba ndi Mchewa, ndipo palibe mlandu pamenepo. Zina zimasintha uthenga, moti wowerenga sadziwa ngati pepala latumizidwa kale kapena likubwera. Tiyerekeze kuti mlembi wa kopaletivi yofuna chigayo walemba chonchi:

"I am secretary of cooperative at Mlolo. We have submitted form on March. We are waiting since three months. We are sending quotation until Friday. Please reply us."

Ndiyamba ndi chiganizo chachinayi, chifukwa ndicho chingagwetse ntchito. Mlembi akufuna kunena kuti pepala la mitengo lidzakhala litafika pofika Lachisanu. Koma "until" ndi "mpaka", mawu a ntchito yopitirira imene imadzalekezera pa tsiku lotchulidwalo. Mmene walemberamu, zikumveka ngati azitumiza tsiku ndi tsiku mpaka Lachisanu kenaka n'kuleka. Mawu a malire a nthawi ndi "by". Poyesera pake mposavuta, popeza Chichewa chimasiyanitsa kale ziwirizi: mukamaganiza "pofika" kapena "lisanapitirire", lembani "by", mukamaganiza "mpaka", lembani "until". Ofesi imatsegula mpaka 17 koloko, fomu imafunika pofika Lachisanu.

M'chiganizo chomwecho muli "We are sending". Ife tikati "tikutumiza" titha kutanthauza kuti zili m'njira, kapena tili nazo m'manja, kapena tikadali kuganiza zotumiza, ndipo nthawi zina timasankha mawuwa dala kuti tisadzimange. Wa ku ofesi akawerenga "we are sending" amayamba wayang'ana pansi pa imelo ngati pali chimene mwaphatikiza. Ngati chilipo, nenani "I have attached the quotation". Ngati chidzabwera, ndi "We will send". Lonjezo lizioneka kuti ndi lonjezo.

Tsopano nkhani ya "have", imene imazunguza ngakhale amene anamaliza giredi 12. Chichewa chili ndi "tapereka" ndi "tinapereka". Choyamba chimanena za ntchito yatha koma zotsatira zake zikadalipo, chachiwiri chimaloza nthawi imene inadutsa. Chingerezi chili ndi ziwiri zofanana nazo, "we have submitted" ndi "we submitted", koma chili ndi lamulo louma: mukangotchula nthawi yodutsa, kaya dzulo, kaya sabata yatha, kaya deti, "have" achoke. Choncho "We have submitted the form" n'cholondola chikakhala chokha, koma mukawonjeza Malichi chimasanduka "We submitted the form in March". Palibe amene amati "tapereka chaka chatha". Khutu limakana lokha, ndipo khutu lomwelo ndilo mungadalire pa Chingerezi.

Chiganizo chachitatu chili ndi vuto lotembenuka: apa "have" akufunika koma palibe. Kudikira kunayamba kale ndipo kukupitirira. M'Chichewa timati "takhala tikudikira", ndipo "takhala" ameneyu ndiye "have been". Akasowa, chiganizo chimangonena za lero lokha. Kenaka pali "since" ndi "for". Woyamba amatsagana ndi poyambira, monga mwezi kapena deti, ngati "kuyambira" wathu. Wachiwiri amatsagana ndi kutalika kwa nthawi, ngati "kwa miyezi itatu". Ndiye n'kutheka kulemba "since March" kapena "for three months", koma osasakaniza.

Timawu ta malo ndi masiku timavuta pa chifukwa chodziwika. Ife tili ndi pa, ku ndi mu, ndipo "ku" yekha amasenza katundu yense: ndikupita ku Chipata, ndimakhala ku Chipata, ndachokera ku Chipata. Chingerezi chimafuna "to", "in" ndi "from" pa ziganizo zitatuzo. Pa kalendala mpofunika kungoloweza: ola limatenga "at", tsiku kapena deti limatenga "on", mwezi ndi chaka zimatenga "in". Mlembi wathu akanachita bwino koposa kulemba deti lenileni, "on 12 March", chifukwa amene akufufuza fomu m'mulu wa mafayilo amathandizidwa ndi deti kuposa mwezi. Pomaliza paja, "reply us" yabadwa kuchokera ku "mutiyankhe", mmene "ti" amalowa m'kati mwa mneni. Chingerezi chimafuna "reply to us". Koma "discuss" amakana chowonjezera, ngakhale ife timakambirana "za" chinthu: ndi "discuss the loan" basi.

Nanga "a" ndi "the"? Aphunzitsi amathera choko chambiri pa timawu timeneti, koma pa imelo ndimatiika kumapeto, chifukwa "I am secretary of cooperative" aliyense amva. Chichewa chilibe timawuti, komabe ntchito yake timaigwira mwanjira ina. Tikati "fomu ija" ndiye kuti tonse awiri tikuidziwa. Tikati "fomu inayake" ndiye kuti mnzathu sanaimvepo. Yesani kuika "ija" kapena "uja" pambuyo pa dzina. Zikamveka, lembani "the". Zikafuna "ina" kapena "wina", lembani "a". Mlembi m'kopaletivi amakhala mmodzi, choncho ndi "the secretary". Makopaletivi kwa Mlolo ndi angapo ndipo wowerenga sanauzidwe kuti ndi iti, choncho ndi "a cooperative", ngakhale kutchula dzina lake lolembetsa kumaposa zonsezi.

Pali malo amodzi pamene timawuti timasinthadi uthenga. "Please send a form" ndi kupempha fomu yatsopano yoti mudzaze. "Please send the form" ndi kufunsa fomu ija munakambirana. Mukasiya zonse ziwiri, wa ku ofesi amasankha yekha, ndipo angakutumizireni fomu yosalemba pamene inu mumafuna yosainidwa.

Imelo ija ikakonzedwa imaoneka chonchi:

"I am the secretary of a cooperative in Mlolo. We submitted our application form on 12 March. We have been waiting for three months. We will send the quotation by Friday. Please reply to this email."

Onani kuti m'imelo yoyamba ija munalibe liwu ngakhale limodzi lolakwika kalembedwe. N'chifukwa chake kiyibodi ya pafoni, imene imakonza zilembo, ikanaisiya kuti idutse momwemo: "until" ndi liwu lenileni la Chingerezi, langokhala pa malo a mnzake. Musanadine potumizira, werengani chiganizo chilichonse chimene chili ndi deti, tsiku kapena ndalama, muchinene m'Chichewa mokweza, ndipo muone ngati "mpaka", "kuyambira" ndi "tidzatumiza" zatuluka pamene munazifuna.