Nkhuku zikafa, kodi mtengo wake mumauika pa ndani?

Ndikamayendera alimi oweta nkhuku zanyama, ndimakonda kufunsa kuti nkhuku imodzi yawadyera ndalama zingati. Ambiri amatenga ndalama zonse zimene alowetsa n'kugawa ndi nkhuku zomwe zatsala m'khola. Ine ndikuti masamu amenewa nthawi zina amakhoza, nthawi zina amanamiza, ndipo chimene chimasiyanitsa ndi mmene nkhuku zinazo zinafera.

Tiyerekeze kuti mwagula anapiye 100 pa K150,000. Chakudya cha masabata asanu ndi limodzi chakwana K520,000, ndipo katemera, makala ndi utuchi zatenga K90,000. Zonse pamodzi ndi K760,000. Mitengoyi ndi yachitsanzo chabe, inu muikepo ya kwanuko.

Ngakhale mutasamala chotani, anapiye ena amafa ndithu, makamaka sabata yoyamba. Ena amabwera ali ofooka kale, ena amatopa pa ulendo. Pa khola losamalidwa bwino, ambiri timawerengera kuti pa 100 pakhoza kufa asanu. Imfa zimenezi n'zoyembekezeka, zili ngati gaga amene amachoka pokonola chimanga. Choncho mtengo wake uyenera kusenzedwa ndi nkhuku zamoyo. Musagawe K760,000 ndi 100, gawani ndi 95, mupeza K8,000 pa nkhuku imodzi. Wogawa ndi 100 amapeza K7,600, ndipo akamanenerera mtengo pamsika amaganiza kuti ali ndi K400 ya phindu imene kulibe.

Tsono tiyerekeze kuti ndi mwezi wa Okutobala, nkhuku zatsala masiku ochepa kuti zigulitsidwe. Mwapita kumaliro, amene munamusiyira khola sanathire madzi, ndipo masana amodzi nkhuku 15 zafa ndi kutentha. Mwatsala ndi 80. Apa mpamene ambiri amalakwa: amagawa K760,000 ndi 80 n'kupeza K9,500, kenako n'kumati nkhuku masiku ano zikudula kuweta.

Ayi, nkhuku sizinadule. Iliyonse mwa 80 zija yadya chakudya chomwechija, mtengo wake ukadali K8,000, zonse pamodzi K640,000. Nkhuku 15 zija muzilembe pazokha m'kope: 15 kuchulukitsa ndi K8,000, kutanthauza K120,000 yotayika chifukwa cha ngozi yopeweka.

Wina anena kuti, a Alangizi, ndalamayo yapita basi, kulemba pambali kubweza chiyani? Zoona, sikubweza ngakhale tambala. Ngati pamsika nkhuku ikugulidwa K9,000, mupeza K720,000 ndipo mwaluza K40,000, kaya mulembe motani. Koma onani zimene masamu awiriwa akukuuzani. Oyambawo akuti mumaluza K500 pa nkhuku iliyonse, ndiye musiye kuweta kapena mukweze mtengo, pomwe wogula sangakulipireni madzi amene sanathiridwe. Achiwiriwo akuti nkhuku iliyonse yabweretsa K1,000, zonse K80,000, koma tsiku limodzi lija lameza K120,000. Vuto lili pa madzi ndi mpweya m'khola, osati pa bizinesi. M'makalabu nkhaniyi imakula, chifukwa imfa zonse zikaphatikizidwa mu mtengo wa nkhuku, palibenso amene amafunsa kuti tsikulo anali pa ntchito ndani.

Nthawi imene nkhuku yafera nayonso ndi yofunika. Ndaika K8,000 chifukwa 15 zija zinafa zitadya pafupifupi chakudya chawo chonse. Zikanafa ndi kuzizira sabata yoyamba, mukanalemba K1,500 ya mwanapiye aliyense ndi kachakudya kochepa kamene anadya, basi. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti pakhomo la khola pazikhala pepala lolembapo tsiku, chiwerengero cha zakufa ndi chimene mukuganiza kuti chazipha.

Pepala lomwelo ndi limene lingakuuzeni mtundu wa imfa. Zoyembekezeka zimabwera imodziimodzi, motalikirana. Zangozi zimabwera mwaunyinji m'masiku ochepa ndipo zimakhala ndi dzina: chitopa kapena gumboro pa nkhuku zosalandira katemera, chakudya chochita nkhungu, galu, kutentha.

Chimene ndimakana ndi kukweza malire kuti mtima ukhale m'malo. Ndinakumanapo ndi mlimi amene ulendo uliwonse amataya nkhuku khumi ndi zisanu pa 100, iye n'kumati ndi mmene zimakhalira. Titalowa m'khola tinapeza utuchi uli chinyontho, fungo lolasa m'maso, mazenera atatsekedwa ndi mapulasitiki. Chinthu chikamachitika kawirikawiri sindiye kuti n'chosapeweka. Tinagwirizana kuti m'kope mwake malire akhale asanu, ndipo khumi zinazo azizilemba pazokha pamodzi ndi mtengo wake, mpaka atasintha utuchi ndi kutsegula mazenera.