Mau a Pansi pa Cithunzi ca Mphwanga

Mwezi wathawu mphwanga, amene nchito yace ndi kujambula zithunzi pa maukwati, anabwera kwathu ali ndi lamya m'manja. Anali atasankha cithunzi cokongola ca mkwati ndi mkwatibwi alikuturuka m'chalichi, kuti alengezere naco nchito yace. Pansi pace analemba mau awa: "Mitengo yabwino, tiimbireni lero." Atandionetsa anati, "Amalume, mwaona bwanji?" Ndinamuyankha kuti cithunzico cinalikulankhula bwino, koma mauwo sananene kanthu.

Ndinayamba ndi kumufotokozera za banja lina limene ndinaliphunzitsa maphunziro a ukwati zaka zapitazo. Anawo anapangana ndi wojambula pakamwa cabe, osalipira cikole, osalemberana. Tsiku litakwana, munthuyo anapita ku ukwati wina kumene analipiridwa kale, natumiza mnyamata wace amene anafika malumbiro atatha. Kufikira lero banjalo liribe cithunzi ca kuvekana mphete. Phwando mungathe kulibwereza, koma malumbiro a pa guwa acitika kamodzi kokha. Mau omveka bwino pansi pa cilengezo akadawapulumutsa anawo.

Coyamba cimene tinakonza ndi mtengo. Mphwanga anaopa kuulemba, poganiza kuti anzace a nchito imodzimodzi adzatsitsa wao kuti amulande anthu. Ndinati, "Iwe, munthu akapanda kuona mtengo aganiza kuti sangakwanitse, ndipo sakuimbira konse." Koma kulemba mtengo wotsika wokha kulinso msampha, cifukwa banja likonzekera ndalama zocepa, ndipo pambuyo pace limva kuti buku la zithunzi ndi vidiyo ziri ndi malipiro ena. Cilungamo ndi kuonetsa mtengo wapansi ndi wapamwamba, ndi kunena cimene ciwasiyanitsa. Kawirikawiri ndi zinthu zinai: maola amene wojambula adzagwira nchito, ciwerengero ca ojambula, zithunzi zotsukidwa kapena zotumizidwa pa lamya cabe, ndiponso vidiyo. Ndalama za ulendo zichulidwe pazokha, pakuti ukwati wa m'tauni ya Chipata sulingana ndi wa kumudzi kupitirira Katete.

Caciwiri ndi nthawi yosungitsa tsiku. Caka ciri ndi masiku a Ciweru 52 kapena 53 cabe, ndipo wojambula mmodzi sangakhale m'machalichi awiri m'mawa umodzi. Komanso anthu sagawana masikuwo mofanana. Ambiri athamangira miyezi ya cirimwe, kuyambira Ogasiti kufikira Okutobala, ndi mwezi wa Disembala pamene abale ali pa chuti, pomwe m'nyengo ya Lenti maukwati acepa kwambiri. Conco mau akuti "sungitsani msanga" sakwanira. Alembe miyezi yeniyeni. Anenenso cimene cimanga pangano, ndico cikole ndi risiti.

Titasinthasintha kangapo, mau ace anaturuka motere:

"Zithunzi za ukwati wanu, kuyambira K3,000 kufikira K9,000. K3,000: wojambula mmodzi, Misa ndi zithunzi za abale, maola anai, zotumizidwa pa lamya. K6,000: tsiku lonse, pamodzi ndi buku la zithunzi. K9,000: ojambula awiri, buku ndi vidiyo. Ulendo wa kunja kwa tauni ulipiridwa padera. Wa Ogasiti, Seputembala, Okutobala kapena Disembala, sungitsani kudakali miyezi isanu ndi umodzi. Wa miyezi ina, itatu. Tsiku likhala lanu mukalipira limodzi mwa magawo atatu a mtengo ndi kulandira risiti. Zithunzi zituruka pasanathe milungu inai."

Iyi ndi mitengo ya mphwanga yekha, si ya ojambula onse ai. Koma onani mmene ithandizira. Banja lofuna kukwatitsa pa Ciweru ca mu Okutobala, losankha za K6,000, lidziwiratu kuti lifunika K2,000 mu Epulo, ndi kuti K4,000 yotsala liri ndi theka la caka kuisonkhanitsa.

Kwa inu otomerana ndi makolo ndionjezapo cimodzi. Musalipire cikole Abambo a parishi asanalembe tsiku lanu m'buku. Maphunziro a ukwati, makalata a ubatizo ndi kulengeza maina m'chalichi zitenga nthawi yace, ndipo tsiku likasunthika cikole cingathe kupita. Cifukwa cace funsani, ndipo yankho lilembedwe pa risiti: tikasintha tsiku, ndalama yathu idzatani? Nanga adzabwera kujambula ndani, inu eni kapena wina?

Mphwanga anadandaula kuti mau atalika. Ndinamuuza kuti kuli bwino munthu atope powerenga kusiyana ndi kuti adzalire pa tsiku la ukwati wace. Tidzakumananso mwezi wamawa.