Uthenga wa katemera m'zilembo 160

Chikalata cholengeza za katemera chikawerengedwa m'tchalitchi kapena pabwalo la mfumu, palibe amene amawerengera mawu ake. Koma chikalata chomwecho chikati chitumizidwe pa foni ya m'manja, chimakumana ndi malire omwe sasuntha: uthenga umodzi wa SMS umanyamula zilembo 160 basi. Pa chiwerengero chimenechi palowa manambala, zizindikiro zopumira ngakhalenso mipata ya pakati pa mawu.

Malirewa anadza ndi kapangidwe ka mafoni a GSM, ndipo akhalapo kuyambira pamene uthenga woyamba wa SMS unatumizidwa ku Britain pa 3 Disembala 1992. Uthenga umodzi uli ndi malo a timagawo 1,120 totchedwa mabiti. Chilembo chilichonse chimadya mabiti 7, choncho zilembo zimakwana 160. Ukapitirira pamenepo, uthengawo umadulidwa m'zigawo za zilembo 153, popeza malo ena amapita ku chizindikiro chothandiza foni yolandira kulumikiza zigawozo. Wotumiza amalipira chigawo chilichonse pachokha, ndipo kumene netiweki imavuta, chigawo china chikhoza kuchedwa kapena osafika, mwina chomwe chili ndi tsiku ndi malo.

Mwachitsanzo, mlangizi wa zaumoyo m'mudzi wina akufuna kudziwitsa mabanja 300, ndipo chikalata chake chikuti: "Tikudziwitsa makolo onse ndi anthu onse osamalira ana m'mudzi muno kuti Lachinayi pa 14 mwezi uno kudzakhala katemera wa chikuku wa ana onse a miyezi 9 mpaka zaka 5. Katemerayu adzachitikira pabwalo la sukulu ya pulaimale kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 12 koloko masana. Chonde musaiwale kubweretsa buku la kuchipatala la mwana. Katemerayu ndi waulere. Zikomo kwambiri, ndine mlangizi wanu wa zaumoyo."

Chikalatachi nchabwino ndiponso chaulemu, koma chili ndi zilembo 402, zomwe ndi mauthenga atatu kwa munthu aliyense. Chiganizo choyamba chokha chili ndi zilembo 165, ndipo chikutha malo a katemerawo asanatchulidwe nkomwe.

Mlangizi wodziwa ntchito sayamba ndi kufufuta mawu. Amayamba walemba pambali zimene mayi sangathe kuchita kanthu popanda kuzidziwa: chimene chikuchitika, ana oyenera, tsiku, nthawi, malo, choti atenge, ndi amene watumiza uthengawo. Mawu akuti "waulere" nawo ayenera kutsala, chifukwa kholo loganiza kuti pafunika ndalama likhoza kungokhala kunyumba. Msinkhu wa ana sungachotsedwe ngakhale ukudya malo ambiri. Katemera woyamba wa chikuku amaperekedwa mwana akakwana miyezi 9, ndipo uthenga wongoti "ana onse" ungayendetse mtunda wautali amayi a makanda a miyezi 3 nkukabwezedwa padzuwa. Wobwezedwa chotere sathamangira uthenga wotsatira.

Zotsalazo ndi zimene zimadulidwa. "Tikudziwitsa makolo onse ndi anthu onse osamalira ana m'mudzi muno kuti" asanduka mawu amodzi akuti "Makolo". Dzina la katemera litchulidwa kamodzi m'malo mwa katatu. Popeza mudziwo uli ndi sukulu imodzi, "pasukulu" akukwanira. Kukanakhala masukulu awiri, dzina la sukuluyo likanayenera kulowa ngakhale litathamangitsa mawu ena. Koma pali malo amodzi pamene uthenga wofupikitsidwa uyenera kunena zambiri kuposa chikalata. "Mwezi uno" amamveka pa tsiku lolengeza lokha, pamene uthenga wa pa foni umakhalitsa, umatumizidwanso kwa ena, ndipo foni yomwe inatha moto ikhoza kuuonetsa patapita masiku. Motero mwezi uyenera kutchulidwa dzina. Tsiku la sabata ndi deti ziyenera kuonekera limodzi, kuti china chikasokonekera chinzake chikonze.

Akatero mlangiziyo apeza uthenga uwu: "Makolo, katemera wa chikuku waulere wa ana a miyezi 9 mpaka zaka 5 aliko Lachinayi 14 Ogasiti pasukulu, 8-12 m'mawa. Tengani buku la mwana. Mlangizi wa zaumoyo". Zilembo zake ndi 159, ndipo wakwana.

Kukwana sikutanthauza kumveka. Uthenga wotere uyenera kuyamba wawerengedwa kwa anthu awiri kapena atatu omwe sanaone chikalata chija, nkuwafunsa kuti anene zimene akachite. Apa pali msampha: pochotsa mawu akuti "la kuchipatala", buku la mwana layandikana ndi sukulu, ndipo agogo osamalira mdzukulu akhoza kunyamula kope la kusukulu. "Buku la sikelo" ndi dzina limene amayi amalidziwa, koma likuonjezera chilembo chimodzi nkufikitsa uthengawo pa 160 yeniyeni. Malo apezeka posintha "Mlangizi wa zaumoyo" kukhala "Azaumoyo", zomwe zikupulumutsa zilembo 11, ndipo zina mwa izo zibwezeretsa ulemu womwe unatayika: "Makolo, katemera wa chikuku waulere wa ana a miyezi 9 mpaka zaka 5 aliko Lachinayi 14 Ogasiti pasukulu, 8-12 m'mawa. Tengani buku la sikelo. Zikomo. Azaumoyo". Tsopano zilembo ndi 157. Palibe liwu lomwe lathyoledwa monga achitira achinyamata polemba "zkm" m'malo mwa "zikomo", chifukwa uthengawu kawirikawiri amauwerenga mokweza mwana wasukulu kapena mnansi, ndipo chidule chosadziwika chimamuimitsa.

Vuto lomaliza ndi la Chichewa chenicheni, ndipo silioneka ndi maso. Zilembo 160 zija zimatheka pokhapokha chilembo chilichonse chikhale m'ndandanda wa zilembo za GSM. Chilembo cha ŵ, chomwe ena amalemba m'mawu monga Malaŵi ndi m'maŵa, mulibe m'ndandandawo. Chikangolowa kamodzi, uthenga wonse umasamukira ku kalembedwe ka UCS-2 komwe chilembo chilichonse chimadya mabiti 16. Pamenepo uthenga umodzi umanyamula zilembo 70 zokha, ndipo wodulidwa umanyamula 67 pa chigawo. Kachizindikiro ka m'mawu monga m'mawa, m'mudzi ndi ng'ombe nako kamachita zomwezo. Koongoka (') kali m'ndandanda, koma kopindika (’), komwe pulogalamu ya Microsoft Word imaika yokha munthu akamalemba, mulibe. Uthenga wa zilembo 157 uja ukakoperedwa kuchokera pa kompyuta uli ndi kachizindikiro kopindika, usanduka zigawo zitatu, ndipo mabanja 300 adzadya mtengo wa mauthenga 900.

Njira yodziwira njapafupi. Mafoni ambiri a mabatani amaonetsa pakona manambala awiri munthu akamalemba, monga 3/1, kutanthauza kuti kwatsala zilembo 3 ndipo uthenga udakali umodzi. Nambala yachiwiri ikadumpha kufika pa 3 mawu asanaonjezedwe, ndiye kuti mwalowa chilembo chachilendo. Mapulogalamu ena otumizira mauthenga ambiri sadula uthenga koma amaika funso kapena kabokosi pa malo a chilembocho, ndipo izi zimaonekera kwa wolandira yekha. Nchifukwa chake uthengawo uyenera kuyamba watumizidwa ku foni imodzi ya mabatani, yonga zomwe zili m'mudzimo, nkuona ngati wafika wathunthu, kenaka nkuutumiza ku mabanja 300 aja.