ZA CUMA CA PAKHOMO: Kodi cigayo cathu catsala ndi mtengo wanji m'buku?

Caka cikatha makalabu a amai, makopaletivu ndi mabanja amene ali ndi kabizinesi amakhala pansi kumvetsera lipoti la msungacuma. Pofika pa ndalama zolowa ndi zotuluka aliyense amachera khutu. Koma pamene msungacuma aonetsa kapepala kofotokoza za kutsika kwa mtengo wa katundu, ambiri timangogwedeza mutu ngati tamva. Mwezi uno ndifuna kuti tiphunzire kufufuza kapepala kameneka tokha, pakuti safunsa anadya phula.

Katundu monga cigayo, galimoto kapena makina osokera amatumikira zaka zingapo, ndipo pamene atumikira amanka nakalamba. Cifukwa ca ici, olemba mabuku a ndalama salemba mtengo wake wonse ngati zoonongedwa za caka cimene anagulidwa. Amaugawa pa zaka zonse zimene katunduyo adzagwira nchito, kuti caka ciliconse cisenze gawo lake. Amene anaphunzira za maakaunti amacha kugawa kumeneku dipirisiyeshoni. Ndandanda yake imaonetsa zinthu zinai: mtengo wogulira, gawo locotsedwa caka cimeneco, zonse zimene zacotsedwa kufikira tsopano, ndi mtengo wotsala m'buku.

Tiyerekeze kuti kalabu ina inagula cigayo ca dizilo cimene cinayamba kugaya pa 1 Julayi 2022. Mabuku a kalabuyo amatsekedwa pa 31 Disembala caka ciliconse. Pa msonkhano wotseka caka ca 2024 msungacuma wabweretsa ndandanda yonena kuti mtengo wogulira unali K84,000, kuti wakhala acotsa K16,800 caka ciliconse kwa zaka zitatu, kuti zonse pamodzi zakwana K50,400, ndipo kuti cigayo catsala ndi mtengo wa K33,600. Masamu ake ali bwino, pakuti mukacotsa K50,400 pa K84,000 mupezadi K33,600. Koma kulondola kwa masamu sikutanthauza kuti ndandanda ili yoona. Tiyenera kubwerera kumene ziwerengero zimenezi zinacokera.

Coyamba, pemphani malisiti. Mtengo umene umalembedwa m'buku si wa kusitolo wokha ai. Umaphatikiza ndalama zonse zimene zinalipidwa kuti katunduyo afike pamalo pake ndi kukhala wokonzeka kugwira nchito. M'fanizo lathu, lisiti la kusitolo likuti K84,000, koma palinso lisiti la K3,000 la lole imene inanyamula cigayo, ndi lina la K5,000 la mmisiri amene anaumba maziko a simenti ndi kumangirira injini. Mtengo woona tsono ndi K92,000. Dizilo, oilo ndi masefa amene amagulidwa pambuyo pake salowa m'mtengo umenewu, cifukwa ndi zoonongedwa za tsiku ndi tsiku.

Caciwiri, pemphani buku la maminitsi kuti muone cimene mamembala anagwirizana. Mufune mayankho a mafunso atatu. Kodi anati cigayo cidzatumikira zaka zingati? Kodi anayerekeza kuti cikadzakalamba cidzagulitsidwa ndalama zingati? Nanga anasankha njira iti yogawira mtengo? Tinene kuti maminitsi akuti cigayo cidzatumikira zaka 5, kuti pamapeto pake cingagulitsidwe K12,000, kuti gawo la caka ciliconse likhale lofanana, ndi kuti liwerengedwe molingana ndi miyezi imene cigayo cakhala ciri m'manja mwa kalabu cokonzeka kugaya.

Tsopano werengani nokha, osayang'ana pepala la msungacuma. Pa K92,000 cotsani K12,000 imene idzabwerera pogulitsa. Yotsala ndi K80,000, ndipo iyi yokha ndiyo iyenera kugawidwa. Mukaigawa pa zaka 5 mupeza K16,000 pa caka. Koma m'caka ca 2022 cigayo cinalipo miyezi 6 cabe, kuyambira Julayi kufikira Disembala, motero gawo la caka cimeneco ndi theka, ndiye kuti K8,000. Ndandanda yoona iyenera kuyenda motere:

2022: gawo K8,000, zonse pamodzi K8,000, wotsala K84,000.
2023: gawo K16,000, zonse pamodzi K24,000, wotsala K68,000.
2024: gawo K16,000, zonse pamodzi K40,000, wotsala K52,000.
2025: gawo K16,000, zonse pamodzi K56,000, wotsala K36,000.
2026: gawo K16,000, zonse pamodzi K72,000, wotsala K20,000.
2027: gawo K8,000, zonse pamodzi K80,000, wotsala K12,000.

Onani kuti mzera wotsiriza wathera pa K12,000, mtengo womwe uja mamembala anayerekeza. Ici ndi cizindikiro cacikulu cakuti ndandanda yayenda bwino. Ngati yathera pamwamba kapena pansi pa mtengo umenewu, dziwani kuti penapake palakwika. Palinso njira yacidule yotsimikizira caka cimodzi cokha. Zaka 5 ndi miyezi 60, ndipo kucokera pa 1 Julayi 2022 kufikira pa 31 Disembala 2024 papita miyezi 30. Limeneli ndi theka la moyo wa cigayo, ndipo theka la K80,000 ndi K40,000, monga momwe mzera wa 2024 ukunenera.

Tikalinganiza mapepala awiriwa tiona kuti msungacuma waphonya patatu. Anasiya K8,000 ya mtengatenga ndi mmisiri, anaiwala kucotsa K12,000 asanagawe, ndipo anawerengera caka cathunthu pamene cigayo cinalipo theka la caka. Iye akuti catsala ndi K33,600, pamene mtengo woona ndi K52,000. Kusiyana kwake ndi K18,400. Wofufuza wabwino sakhutira kufikira atafotokoza kusiyanako kwacha ndi kwacha: K8,000 ndi ija inasiyidwa pa mtengo wogulira, ndipo K10,400 ndi imene inacotsedwa mopitirira, pakuti anacotsa K50,400 m'malo mwa K40,000. Mukaphatikiza ziwirizi mupeza K18,400 yeniyeni, ndipo mudziwa kuti palibe cina cobisika.

Mwina wina afunsa kuti, nanga zili ndi kanthu, popeza ndalama m'bokosi sizinasinthe? Zili ndi kanthu ndithu. Tinene kuti wamalonda wina wabwera nati agula cigayo pa K35,000. Poyang'ana pepala la msungacuma, mamembala adzakondwa poganiza kuti apindula K1,400. Koma molingana ndi ndandanda yoona, akhala atagulitsa pa mtengo wocepa ndi K17,000 pa umene uli m'buku. Cimodzimodzi ngati membala afuna kutuluka m'kalabu ndi kulandira gawo lake la cuma: adzalandira zocepa, ndipo tsiku limene adzazindikira, ubale udzasokonezeka. Kawirikawiri sikuti msungacuma waba ai, anangophonya. Koma mikangano yambiri ya m'makalabu imayambira pa zophonya zotere.

Pali njira yaciwiri yogawira mtengo imene muyenera kuizindikira mukaiona. M'njira imeneyi amacotsa peresenti yomweyo caka ciliconse, koma amaiwerengera pa mtengo wotsala, osati pa wogulira, ndipo K12,000 ija siicotsedwa poyamba. Pa K92,000 ndi 25 peresenti, caka coyamba cathunthu cisenza K23,000 ndi kusiya K69,000. Caka caciwiri cisenza K17,250 ndi kusiya K51,750. Gawo limanka nilicepa, ndipo njirayi imayenerera katundu amene amataya mtengo msanga akali watsopano, monga galimoto. Kuti mudziwe njira imene yagwiritsidwa nchito, yang'anani magawo a zaka zathunthu. Ngati ali ofanana, ndi njira yoyamba. Ngati akucepa, gawani gawo la caka ndi mtengo umene unatsala poyamba pa caka cimeneco, ndipo peresenti iyenera kutuluka yomweyo caka ciliconse. Ngati ikusinthasintha, ndiye kuti wolembayo wasakaniza njira ziwiri, monga zimacitika msungacuma watsopano akalandira mabuku popanda kuwerenga maminitsi.

Mungapezenso magulu amene lamulo lao limati caka cogulira cisenze gawo lathunthu, ngakhale katundu anagulidwa pakati pa caka. Zimenezi si kulakwa, malinga lamulolo linalembedwa ndipo likutsatidwa pa katundu yense. Colakwa ndi kusintha lamulo mwakacetecete pofuna kuti phindu lioneke lalikulu kapena laling'ono. Ndiponso amene amalipira msonkho wa bizinesi adziwe kuti a ZRA ali ndi maperesenti aoao owerengera kutha kwa katundu, motero ciwerengero ca pa fomu ya msonkho cingasiyane ndi ca m'buku la kalabu popanda wolakwa. Osatenga ca uku ndi kuciika uko.

Mukatha ndi mapepala, nyamukani mukaone cigayo ndi maso anu. Linganizani nambala yolembedwa pa injini ndi imene ili pa lisiti. Katundu amene anagulitsidwa kapena kubedwa sayenera kukhalanso pa ndandanda. Koma cigayo cimene cangoima miyezi ingapo cifukwa ca kusowa kwa cimanga cimapitiriza kusenza gawo lake m'njira ya magawo ofanana. Ngati muona kuti cakalamba msanga, mamembala angasinthe zaka zotsala, koma asakhudze zaka zimene zapita. Mwacitsanzo, ngati kumapeto kwa 2024 agwirizana kuti catsala ndi zaka 2 cabe, acotse K12,000 pa K52,000, ndipo K40,000 yotsalayo aigawe pawiri. Gawo latsopano likhala K20,000 pa caka.

Potsiriza, tisasokoneze mtengo wa m'buku ndi zinthu ziwiri zimene zimafanana nao. Suli mtengo wa kumsika, pakuti mitengo ikakwera cigayo cakale cingagulitsidwe koposa zimene buku likunena, kotero musanagulitse funsaninso mitengo kwa ogulitsa makina. Ndiponso K40,000 ija imene yacotsedwa si ndalama zosungidwa m'bokosi kapena kubanki. Ndi ciwerengero cabe cokumbutsa kuti phindu la kalabu ndi locepa kuposa momwe likuonekera. Ngati mamembala agawana ndalama zonse caka ciliconse, m'caka ca 2027 adzakhala ndi cigayo cokalamba popanda cogulira cina. Gulu lanzeru limapatula ndalama zosacepera gawo la caka ndi kuziika pambali, ndipo limaonjezerapo podziwa kuti catsopano cidzakhala codula.

Conco pa msonkhano wanu wotsatira, sankhani anthu awiri amene sanalembe nao mabuku. Apatseni malisiti, maminitsi ndi ndandanda, awerenge okha ndi kusaina pansi pa pepala lipoti lisanavomerezedwe. Msungacuma wokhulupirika adzakondwera nazo, cifukwa zidzamcotsera manong'onong'o. Tidzakumananso mwezi wamawa.