Chitsulo cha pansonga sichiitana mphenzi

Mvula ikayamba kugunda mu Novembala, pali mawu amene amamveka kawirikawiri kuno ku Mchinji, kuyambira pa Boma, Kamwendo, Kapiri mpaka ku chipata cha Mwami. Akuti chitsulo chosongoka chimene chimaikidwa pamwamba pa nsanja za mafoni, matchalitchi ndi nyumba zosanja ndicho chimaitana mphenzi, ndipo woyandikana nacho ali pamoto. Ena amafika polangiza makomiti a sukulu ndi a mipingo kuti asachiike n'komwe, kapena achizule ngati chilipo kale. Onena izi sakupeka: aona ndi maso awo mphenzi ikutera pansanja. Koma tanthauzo limene akupereka pa zimene aonazo n'lolakwika, ndipo langizo lawo likhoza kuphetsa ana m'kalasi. Ife tikuti chitsulocho sichibweretsa mphenzi imene sikanabwera. Chimalandira imene yafika kale, n'kuipatsa njira yolowera pansi osadzera m'khoma kapena m'thupi la munthu.

Mphenzi imabadwira mumtambo, makilomita angapo m'mwamba, pamene timiyala ta madzi oundana tikugundana m'mphepo yokwera ndi yotsika mpaka kunsi kwa mtambo kudzadza magetsi. Kachitsulo ka mita imodzi padenga la tchalitchi kalibe mphamvu pa zochitika kumeneko. Magetsi akachuluka, kanjira ka moto kamayamba kutsika modumphadumpha, mamita pafupifupi 50 pa kudumpha kulikonse, kakukhotakhota ndi kuchita nthambi, kasakudziwa kumene kakatere. Kakatsala mamita makumi ochepa kuti kafike pansi m'pamene zinthu zazitali, mitengo, madenga, nsanja, ngakhale munthu woima m'dambo, zimatulutsa timalilime ta magetsi tokwera kukakumana nako. Kalilime koyamba kukumana nako ndiko kamatsegula njira, ndipo magetsi a maampu pafupifupi 30,000, nthawi zina kufika 200,000, amadutsa pomwepo. Choncho malo oterapo amasankhidwa kumapeto kwenikweni kwa ulendo, ndipo chimene chimasankhitsa kwambiri ndi kutalika. Mtengo wa bulugama ulibe chitsulo, koma mphenzi imaung'amba. Ngalande imene mumakumba kuseri kwa nyumba siiitana mvula. Imangotenga madzi amene agwa kale kuti asagumule maziko. Ntchito ya chitsulochi ndi yomweyo.

Munthu amene anayambitsa nzeruyi, Benjamin Franklin wa ku Philadelphia, nayenso poyamba sanaimvetse bwino lomwe. Poyesa magetsi m'nyumba, anaona kuti singano yosongoka imakoka magetsi mwakachetechete kuchoka pachitsulo chodzadza nawo, ndipo anaganiza kuti zitsulo zosongoka padenga zikhoza kukhetsa magetsi a mumtambo mphenzi isanapangike. Analemba maganizowa m'makalata opita kwa Peter Collinson ku London, amene anasindikizidwa mu 1751. Pa 10 Meyi 1752, ku Marly-la-Ville m'dziko la France, chitsulo chotalika mamita pafupifupi 12 chimene Thomas-François Dalibard anaimika motsatira malangizowo chinathetheka moto mtambo wa mvula ukudutsa, umboni woti mphenzi ndi magetsi. Chaka chomwecho Franklin anaulutsa kaiti yokhala ndi kiyi pachingwe napeza zomwezo. Ganizo lokhetsa mtambo linali lolakwika, pakuti magetsi otuluka pansonga ya chitsulo ndi ochepetsetsa poyerekeza ndi a mumtambo. Koma Franklin anali ataonanso ntchito yachiwiri, yoti mphenzi ikagwa chitsulo chiitsogolere pansi, ndipo iyi ndiyo yakhalapo mpaka lero. M'buku lake la pachaka la 1753 analangiza kuti nsonga imodzi ya chitsulo ipitirire denga, inayo ilowe m'dothi lachinyezi.

Mbali yachiwiri ya langizoli ndiyo moyo wa nkhani yonse, ndipo munthu anafa nayo chaka chomwecho. Mu Ogasiti 1753, katswiri wa sayansi Georg Wilhelm Richmann wa ku St Petersburg anali ndi chitsulo padenga chimene waya wake unathera m'chipinda chake, osalowa pansi, chifukwa ankafuna kuyeza magetsi ake. Mphenzi inatsika ndi wayawo, inasowa kolowera, n'kudumphira pamutu pake, iye n'kufera pomwepo. Tsono yerekezani ndi nsanja ya belu ya Marko Woyera ku Venice, yotalika pafupifupi mamita 100, imene mphenzi inaiwononga kangapo, makamaka mu 1745. Ataiika chitsulo cholumikizidwa pansi mu 1776, mphenzi inaleka kuigumula. Nsanja inali yomweyo, mitambo inali yomweyo. Chimene chinasintha ndi njira ya magetsi. Ndipo kukayikira kwa anthu si kwa ife tokha. Ku Moravia, wansembe Prokop Diviš ataimika chipangizo chake mu 1754, anthu a m'mudzi anadzachigwetsa ponena kuti chabweretsa chilala.

Wotsutsa anganene kuti: ngati kutalika ndiko kumasankhitsa, ndiye kuti chitsulo chowonjezera kutalika kwa nyumba chikuwonjezeranso mphenzi. Izi n'zoona ndipo sitizibisa, koma tiyeni tione kukula kwake. Mainjiniya amawerengera kuti chinthu chachitali chimasonkhanitsa mphenzi zimene zikanagwa m'bwalo lozungulira, lotalika katatu msinkhu wake kumbali zonse. Titenge nsanja ya belu ya mamita 15. Bwalo lake limafika mamita 45, ndiwo malo a masikweya mita pafupifupi 6,400. Tikaikapo chitsulo cha mita imodzi, bwalo lifika mamita 48, masikweya mita pafupifupi 7,200. Tiyerekeze chabe, pofuna kuwerengera, kuti m'deralo mumagwa mphenzi 10 pa sikweya kilomita iliyonse pachaka. Nsanja yopanda chitsulo idzawombedwa kamodzi pa zaka ngati 16, yokhala nacho kamodzi pa zaka ngati 14. Kusiyana kwake n'komweko. Koma pansanja yopanda chitsulo magetsi amadzera m'njerwa ndi m'matabwa, chinyezi cha m'katimo chimawira m'kanthawi kochepa n'kuphulitsa khoma, mitanda imayaka, ndipo oima pafupi ndi khomo amawombedwa. Pa yokhala ndi chitsulo amadzera m'waya wa kopa wokhuthala mamilimita 8, umene umangofunda pang'ono. Palibe komiti yanzeru imene ingasankhe moto kamodzi pa zaka 16 pothawa phokoso kamodzi pa zaka 14.

Nanga nsanja za mafoni zimene anthu amaziloza chala kwambiri? Ya mamita 40 ili ndi bwalo lofika mamita 120, ndiwo mahekitala anayi ndi theka, choncho pa chiwerengero chathu chija ikhoza kuwombedwa kamodzi pa zaka ziwiri. N'chifukwa chake anthu amaionadi ikuwombedwa. Komatu mphenzi zimenezo n'zimene zikanagwabe m'mahekitala omwewo, pamitengo ya mango, pamadenga, pakhola la ng'ombe. Nyumba yomwe ili mamita 300 kuchokera pansanjapo siiwonjezeredwa mphenzi ndi nsanjayo. Tinenenso mosabisa kuti siitetezedwa nayo. Pamuyezo wa dziko lonse wa IEC 62305, amayerekeza mpira waukulu, wa mamita 20, 30, 45 kapena 60 kuchokera pakati pake kufika kunja molingana ndi chitetezo chofunika, ukugubuduzika pamwamba pa nyumba. Paliponse pamene mpirawo ukhudza, mphenzi ikhoza kuterapo. Ndi mpira wa mamita 45, nsonga ya mamita 10 imateteza pansi mamita 28 okha mozungulira. Ndiye mdadada wautali wa makalasi sungadalire kachitsulo kamodzi pakona. Umafuna waya woyenda pamsana pa denga lonse ndi mawaya otsika osachepera awiri.

Chotsutsa cholemera kwambiri n'cha anthu amene amati anaona nyumba yokhala ndi chitsulo itawonongeka, kapena mawailesi ndi makanema atapsa mphenzi itagwa pafupi. Awa tiwamvere bwino, chifukwa akunena za vuto lenileni, ngakhale alipatsa dzina lolakwika. Waya wa kopa uli ndi msika, ndipo akuba amaudula m'munsi mmene dzanja limafika, n'kusiya nsonga ikunyezimira padenga. Nyumba yotere yasanduka chipinda cha Richmann. Pena waya ulipo koma polumikizira pachita dzimbiri, kapena womanga anangokhoma kachitsulo kakafupi m'dothi louma. Muyezo umalimbikitsa kuti kukana kwa dothi kukhale pansi pa maomu 10, ndipo chifukwa chake chimaoneka powerengera: maampu 30,000 podutsa m'maomu 10 amakweza waya kufika mavolti 300,000, pamene m'maomu 100 amaukweza kufika 3,000,000. Pamenepo magetsi amadumpha kuchoka m'waya kupita ku felemu ya zenera, paipi ya madzi, kapena munthu wotsamira khoma. Pofuna kupewa kudumphaku, malata, mapaipi ndi waya wolowa pansi wa magetsi a m'nyumba zimayenera kulumikizidwa kumodzi ndi waya wa mphenzi, kuti zonse zikwere ndi kutsika pamodzi. Za zipangizo zopsa, nthawi zambiri mphamvuyo imalowa kudzera m'mawaya a magetsi kapena a mlongoti wa kanema, ndipo chitsulo cha padenga sichinapangidwire zimenezo. Mankhwala ake ndi kachipangizo kotchinga magetsi obwera mwadzidzidzi pabokosi la magetsi, kapena kuzula mapulagi mabingu akayamba.

Ngozi imodzi imatsalabe ngakhale zonse zitamangidwa bwino. Magetsi akalowa pansi amamwazika m'dothi, ndipo pafupi ndi polowera pamakhala kusiyana kwa mphamvu pakati pa phazi ndi phazi. N'chifukwa chake ng'ombe, zimene miyendo yakutsogolo ndi yakumbuyo ndi yotalikirana, zimafa zambiri nthawi imodzi pansi pa mtengo. Choncho waya wotsika usadutse pakhomo kapena pakhonde pamene ana amausa mvula, ndipo munthu asakabisale patsinde pa nsanja. Akhale m'kati mwa nyumba, kutali ndi makoma ndi mazenera, mpaka patapita mphindi 30 chimvekere bingu lomaliza.

M'malo mozula chitsulo, a komiti achiyendere. Munthu wamba akhoza kulondola waya ndi maso kuchokera pansonga mpaka pamene walowa m'dothi, n'kuona ngati waduka, ngati wapindidwa mokhota kwambiri, kapena ngati zomangira zake zamasuka. Madontho akuda kapena osungunuka pansonga amasonyeza kuti yawombedwapo, ndipo polumikizira ponse pafunika kuonedwanso. Gawo la m'munsi liphimbidwe ndi paipi yolimba ya pulasitiki kuti akuba asalifikire msanga. Kuyeza maomu kumafuna wamagetsi wokhala ndi makina ake, ndipo mwezi woyenera kuno ndi Okutobala, pamene dothi lauma kotheratu ndipo chiwerengero chili pachimake. Chikapitirira 10, awonjezere zitsulo zina pansi, zotalikirana mosachepera kutalika kwake, kapena azike waya wozungulira nyumba yonse, mvula yoyamba isanagwe.