Tsamba analifufuta, koma Google ikukutchulanibe: mungatani?

Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Blantyre analembedwa molakwika pa mndandanda wa anthu osabweza ngongole, womwe bungwe lina lobwereketsa ndalama linaika pa webusayiti yake. Iye atadandaula, bungwelo linapepesa ndi kufufuta tsambalo. Patatha milungu itatu, akufunsira ntchito yosunga ndalama pa kampani ina, analemba dzina lake pa Google ndipo anapeza mutu wa mndandandawo ukadalipo, dzina lake lili pansi pake. Olemba ntchito akasaka dzina lake, ambiri sadzavutika n'kutsegula linkiyo kuti aone ngati tsambalo lilipodi. Mizere iwiri yooneka pa Google ndi yokwanira kumulepheretsa ntchito.

Izi zimachitika chifukwa Google sifufuza intaneti yonse pa nthawi imene munthu walemba dzina. Ili ndi pulogalamu yotchedwa Googlebot yomwe imayendera masamba ndi kusunga zimene yapeza mu kaundula wake, ndipo zimene timaona tikasaka zimachokera mu kaundulayo. Masamba a nyuzipepala zikuluzikulu amayenderedwa kawirikawiri, pomwe tsamba la kabungwe kakang'ono likhoza kukhala milungu kapena miyezi lisanayenderedwenso. Mpaka tsikulo, Google imaonetsabe zakale.

Pali chida chaulere chofulumizitsira ulendowo, chomwe Google inakonzera anthu amene si eni ake a webusayiti. Dzina lake ndi Refresh Outdated Content ndipo chimapezeka pa adiresi iyi:

```
search.google.com/search-console/remove-outdated-content
```

Chimene chimafunika ndi akaunti ya Google, ngati yomwe ambiri amatsegula pogula foni ya Android. Mayi wathu uja akalowa, adzadina New request, n'kusankha Page, kenako n'kuikamo adiresi yonse ya tsamba lofufutidwalo. Adiresiyo ayikopere kuchokera pa zotsatira za Google, osati kuilemba pamtima, chifukwa chilembo chimodzi chikasiyana, pempho limapita ku tsamba lina. Ngati mndandandawo unaikidwanso ngati fayilo ya PDF, imeneyo ili ndi adiresi yakeyake ndipo imafuna pempho lapadera. Chithunzi nacho chimapemphedwa pachokha posankha Image.

Google ikalandira pempholo imayesa kutsegula tsambalo, ndipo zotsatira zimadalira yankho limene yalandira. Kompyuta yosunga webusayiti ikayankha ndi nambala 404 kapena 410, zomwe zimatanthauza kuti tsambalo kulibe, pempho limalandiridwa popanda mafunso ena. Nthawi zambiri limaunikidwa m'masiku ochepa. Pa tsamba la chidacho pamaoneka mawu akuti Pending pamene akuliunika, Approved likavomerezedwa, ndi Denied likakanidwa, pamodzi ndi chifukwa chake.

Vuto limabwera pamene mwini webusayiti wafufuta mosamaliza. Ena amachotsa linki yopita ku tsambalo koma tsamba lenilenilo n'kulisiya, moti amene ali ndi adiresi amalitsegulabe. Apa Google idzakana, ndipo njira yokha ndi kubwerera kwa mwiniyo kuti amalize ntchito. Ena amasiya tsambalo koma n'kuchotsamo dzina lokha, kapena amakonza zoti wodina linkiyo azifikira ku tsamba loyamba la webusayiti yawo. Zikatero chidacho chikhoza kuona ngati tsambalo lilipobe, ndipo chimapempha munthu kuti alembe liwu limodzi kapena awiri amene akuoneka pa Google koma sakupezekanso pa tsambalo.

Ambiri amalakwitsa pamenepa polemba madandaulo, monga kufotokoza kuti nkhaniyo ndi yabodza. Malowo si a madandaulo, ndi a liwu lomwe makina ayerekeze ndi zimene zili pa tsambalo lero. Mayi uja angalembe dzina la bambo ake, koma ayambe watsimikiza kuti dzinalo silikupezekanso paliponse pa tsambalo. Ngati ndi Banda kapena Phiri, n'kutheka kuti munthu wina wa dzina lomwelo akadali pa mndandandawo, ndipo pempho lidzakanidwa. Ndi bwino kusankha dzina lake loyamba ngati ndi losowa. Adziwenso kuti pempho la mtundu uwu likavomerezedwa, tsambalo silichoka pa Google. Chimene chimachoka ndi mizere yakale ija, mpaka tsambalo litayenderedwanso.

Chidachi sichiweruza ngati nkhani ndi yoona kapena yabodza. Nkhani ikadali pa webusayiti ya nyuzipepala, ngakhale ikhale ya mlandu umene munthu anapezeka wosalakwa, chidacho sichiikhudza. Uku ndi kusiyana kwake ndi ufulu woiwalika umene anthu a ku Ulaya ali nawo. Pa 13 Meyi 2014, khoti lalikulu la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya linagamula mlandu wa Mario Costeja González wa ku Spain, yemwe ankadandaula ndi chidziwitso cha mu 1998 mu nyuzipepala ya La Vanguardia chonena za kugulitsidwa kwa katundu wake chifukwa cha ngongole. Khotilo linati Google isiye kuonetsa tsambalo anthu akasaka dzina lake, ngakhale kuti nyuzipepalayo sinalamulidwe kulifufuta. Koma mu 2019 khoti lomwelo linati Google siikakamizidwa kuchita zimenezi pa dziko lonse. Choncho Mmalawi wokhala ku Lilongwe sangadalire chigamulo chimenecho.

Kuno kwathu, lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, lomwe likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limapatsa munthu mpata wopempha amene akusunga zokhudza iye kuti azikonze kapena kuzifufuta. Kwa mayi wathu uja, phindu la lamuloli lili pa gawo loyamba la ntchitoyi, pouza bungwe lobwereketsa ndalama kuti lichotse dzina lake. Chida cha Google chimabwera pambuyo pake.

Pali chifukwa chomveka choti chidachi chikhale ndi malire otere. Mu 2025, bungwe la ku America la Freedom of the Press Foundation linaulula kuti munthu wina ankachigwiritsa ntchito pobisa nkhani za atolankhani zomwe zinali zisanafufutidwe. Iye ankasintha zilembo zing'onozing'ono za mu adiresi kukhala zikuluzikulu, makina n'kupeza 404 pa adiresi yabodzayo, kenako n'kuchotsa nkhani yeniyeni. Google inati yakonza vutolo. Nkhaniyi ikusonyeza zimene anthu a mphamvu angachite ngati aliyense ataloledwa kuchotsa tsamba lamoyo pongodzaza fomu.

Pempho likavomerezedwa, ntchito siinathe. Bing, yomwe ndi ya kampani ya Microsoft, ili ndi kaundula wakewake komanso chida chake chotchedwa Content Removal Tool, ndipo DuckDuckGo imadalira kwambiri zotsatira za Bing. Nayonso Wayback Machine ya bungwe la Internet Archive imasunga makope a masamba akale, ndipo pempho lopita ku Google siliwakhudza. Zithunzi za mndandandawo zimene zinafalikira kale m'magulu a WhatsApp palibe fomu yozibweza.

Choncho mayi wathu uja, asanatumize kalata ina yofunsira ntchito, asakenso dzina lake pa Google ndi pa Bing, molilemba m'njira zonse zimene anthu amalilembera, ndipo adiresi iliyonse yatsopano imene yatuluka aipemphere payokha. Asungenso kalata yopepesa ya bungwe lija, chifukwa wolemba ntchito amene anaona kale mndandandawo adzafuna umboni wolembedwa.