Yambani Mwakonza Chingelezicho

Omvera athu, tisanapite ku pulogalamu yotsatira, ndili ndi mawu kwa inu amene mumamasulira zikalata.

Tsiku lina anandipatsa kalata ya Chingelezi yochokera ku chipatala china kuti ndiitembenuzire m'Chichewa. Inali ya amayi a ana aang'ono. Chiganizo chimodzi chinatenga ndime yonse. Chinkanena za mayi, namwino ndi mankhwala a mwana, kenaka n'kuti "iye awasunge". Iye uti? Mayi kapena namwino? Chingelezicho sichinanene.

Ndikanangomasulira, ndikanasankha mmodzi mongoganiza. Mnzanga wa Chitumbuka akanatengera kwa ine, wa Chiyao n'kutengera kwa iye. Cholakwa chimodzi chikanabereka ana atatu.

Choncho ndinayamba ndalembanso ndimeyo m'Chingelezi chomwecho, koma chosavuta. Chiganizo chachitalicho ndinachidula panayi. Chilichonse chinanyamula mfundo imodzi, ndipo chinatchula wochita ndi chochitacho. Pamene panali "iye" ndinaikapo "mayi". Pamene panali mawu achidule a madokotala ndinalemba kuti "kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo".

Kenaka ndinabwerera kwa mwini kalata kuti aione. Apa musadumphepo, chifukwa pokonza mutha kusintha tanthauzo osadziwa. Mwini kalatayo anagwira pakamwa. Wosunga mankhwala anali namwino, osati mayi! Tinakonza pomwepo, kalata isanapite m'zilankhulo zina.

Ndibwereze: konzani Chingelezicho kaye, mwini wake avomereze, kumasulira kubwere pambuyo.

Inu amene muli ndi kalata patebulo lero, iwerengeni mokweza. Pamene mwapunthwa, yambirani pomwepo.